Paketi yatsopano ya mpunga wathu, maganizo anga

Lachisanu tinali ndi miting'i kuntchito kwathu kuno ku Salima komwe timapakira mpunga wa Kilombero. Madamu atsopano a zamalonda, angotha miyezi iwiri chibwerereni, anatisonkhanitsa mu weyahausi kuti atiwonetse paketi yatsopano. Kunena zoona tonse tinalowa nkhope zili gwa, ena kumbuyo akung'ung'udza kuti ndalama zojambulira mapaketi zilipo koma za malipiro palibe.

Madamuwo sanazungulire. Ananyamula paketi yakale dzanja ili, yatsopano dzanja linalo, nkunena kuti, “Akuluakulu, dzina ndi lomwelo, chikasu ndi chomwecho. Ndakulitsa zilembo kuti ziziwoneka munthu ali pakhomo la golosale, ndipo apa ndasiya kawindo kuti wogula aziwona mpunga asanatulutse ndalama.”

Adalaiva athu, bambo achikulire amene akhala akugawa katundu pa Kamuzu Road, ku Chipoka mpaka ku Senga Bay zaka zambirimbiri, anakweza mkono. “Madamu, nanga bwato lija lili kuti? Anthu satchula dzina ayi, amangoti ndipatseni wachikasu wabwato uja. Akalisowa bwatolo aziti ndi feki.”

Apa mpamene ndinawapatsa ulemu mayiwa, sanatsutse, analemba m'kope nkuvomera kuti bwato libwerera, bola lichepeko. Anafotokozanso kuti mapaketi akale amene ali mbwee m'sitolo sitiwataya, tiwamaliza kaye m'miyezi itatu, ndipo lililonse tizimatapo kasitika kosonyeza paketi yatsopano kuti diso la kasitomala lizolowere, ogulitsa m'mashopu tiwauziretu pakamwa katundu asanafike. Izi ndiye nzeru, chifukwa mapaketi awiri osiyana akangokumana pashelefu popanda wonena kanthu, imodzi imasanduka yabodza basi.

Koma ine nkhawa yanga ili pa kawindo kaja, ndipo sindinakhutire ndi mmene anaidutsira nkhaniyi. Ine ndimakhala kuchigayo. Mpunga ukauma mopitirira padzuwa umang'aluka mkati, ukalowa m'makina umasweka, pamafunika chinyezi cha 14 peresenti kapena pafupi pamenepo, pomwe alimi ena amatibweretsera wouma gwa woti ukauluma umangoti phwa. Sefa yathu yolekanitsa zidutswa inabooka kalekale, timangoimanga ndi waya. Paketi yakale imatibisira zonsezi. Yatsopanoyi munthu akangoitembenuza kamodzi zidutswa zizisonkhana pakawindo pomwepo, ndipo wogula Kilombero amafuna njere zazitali zathunthu, ndi zimene amalipirira mtengo wokwerawo.

Ndinafunsa, anayankha kuti zimenezo ndi za kuchigayo, azikambirana ndi abwana. Ayi madamu, ndi zanunso, poti mwalonjeza anthu kuti aziwona okha. Paketiyo ine ndaikonda ndithu, ndikufuna iyende, koma sefa yatsopano ndi kamakina koyezera chinyezi zifike kaye tisanapakire ngakhale kilo imodzi. Lolemba ndiwatengera kuchigayo akaone okha zimene zikutuluka pasefapo.