Mphindi ziwiri zimene zimatinamiza

Chimene chimandipweteka mtima ndi chakuti kanema wamfupi wotsatsa filimu nthawi zambiri sadulidwa ndi amene anatsogolera filimuyo, koma ndi anthu otsatsa malonda amene ntchito yawo ndi kutikopa basi. Loweruka lapitali ndinawononga bandulo yanga ndi maola awiri athunthu chifukwa cha mphindi ziwiri zodzaza ndi nkhonya, magalimoto othamangitsana ndi ng'oma zogunda mofulumira. Filimu yeniyeniyo inali ya bambo wolira maliro a mkazi wake, anthu akungoyankhula motsitsa mawu m'khitchini, ndipo ndewu ija inabwera kamodzi kokha chakumapeto. Filimuyo sinali yoipa ayi, koma si imene anandilonjeza.

Nditabwerera ku kanema wotsatsa uja ndinaona chimene ndinaphonya. M'zidutswa zonse za ndewu, mwamunayo anavala malaya amodzimodzi ong'ambika paphewa, pa mlatho womwewo, usiku womwewo, kusonyeza kuti anatenga chochitika chimodzi n'kuchiduladula kuti chioneke ngati zochitika zisanu. Ngakhale nyimbo imene inandiutsa mtima ija sinamveke m'filimu monse.

Chithunzi chotsatsira nachonso chinali ndi chinyengo chake, pakuti nkhope yaikulu pakati inali ya katswiri wotchuka amene anangoonekera mphindi zochepa. Mawu ofotokoza nkhani mwachidule ndiwo ananena zoona, popeza anatchula chisoni ndi banja osatchula kubwezera, koma anawalemba m'zilembo zing'onozing'ono pansi penipeni, pamene maso anga anali atatengeka kale.