Konzani diresi, mkwatibwi musiyeni

Amene mumagulitsa makapisozi ochepetsa thupi pa WhatsApp mundikhululukire, lero ndiyankhula.

Ine ndimasoka pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mtsikana, timutche Tadala, kudzayesa diresi lake la ukwati. Kunatsala milungu itatu. Zipi inakwera bwinobwino mpaka pakati pa msana, kenako n'kukana. Nditayeza ndi tepi, panaperewera mainchesi 2 okha.

Mnzake amene anamuperekeza sanachedwe. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo ka makapisozi obiriwira. "Iwe Tada, imwa awa, limodzi m'mawa lina usiku. Ine ndataya makilo 4 sabata imodzi. Ndi achilengedwe, alibe vuto. Ukufuna udzaoneke ngati thumba la chimanga pa zithunzi?"

Tadala anatenga kabotoloko n'kukatembenuza. "Aikamo chiyani?" Mnzakeyo anati zitsamba. "Zitsamba zanji? Wapanga ndani? Nanga tsiku lotha ntchito lili pati?" Pa kapepala panali chithunzi cha mzimayi wa chiuno ngati mavu, basi.

"Ndiye sukundikhulupirira ine?"

"Iwe ndimakukhulupirira. Botolo ili ndi limene sindikulidziwa." Anamubwezera, n'kutembenukira kwa ine. "Anti, m'mbalimu mulibe nsalu yotsala?"

Inalimo. Telala wodziwa ntchito amasiya kansalu mkati mwa msoko, ndiye ndinasomola inchi imodzi uku, ina uku, zipi n'kukwera. Ntchito ya ola limodzi.

Tsono mvetserani, chifukwa mnzakeyo sananame. Makilo 4 anachokadi. Funso ndi lakuti chinachokacho n'chiyani. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Zambiri mwa zinthu zimenezi, makapisozi ndi tiyi wochepetsa thupi yemwe, zimagwira ntchito potsegula m'mimba kapena pokodzetsa. Mu tiyi wotereyu mumapezeka chitsamba chotchedwa senna, chomwe ntchito yake ndi kuthandiza munthu wodzimbidwa. M'makapisozi ena amabisamo mankhwala okodzetsa onga amene amapatsidwa odwala mtima ndi otupa miyendo. Munthu akakwera sikelo amasangalala, koma wataya madzi, mafuta ali pomwepo. Mafuta sachoka msanga chonchi. Amene wasinthadi kadyedwe n'kumayenda amataya theka la kilo kapena kilo imodzi pa sabata.

Ndipo zimaoneka ndi maso. Nthawi yochepa imene anakhala pa shopu yanga, mnzake wa Tadala uja anapempha chimbudzi kawiri. Milomo inali gwa, youma, ndipo atadzuka pa benchi anayamba wagwira khoma. Iye ankati ndi kutentha. Kutentha kunalipo, inde, nanga si Salima, koma ndiye choopsacho: thukuta likuchotsa madzi, makapisozi akuchotsanso. Pamodzi ndi madziwo pamachoka mchere wa m'thupi wotchedwa potaziyamu, ndipo ukachepa miyendo imakokana usiku, mtima n'kumagunda mosalongosoka.

Palinso gulu lina limene limandiopsa kwambiri, lopha njala. Mankhwala otchedwa sibutramine anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa ankawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima, koma akhala akupezeka atabisidwa m'makapisozi olembedwa kuti ndi a zitsamba zokhazokha. Womwa amasowa tulo, kukamwa kumauma, BP imakwera. Kuno kwathu bungwe loona za mankhwala ndi PMRA, ndipo kabotolo kopanda dzina la wopanga sindikuona kuti kangadutse bwanji m'manja mwawo.

China chimene atsikana sauzana: ngati ukumwa mapilitsi olera ndipo ukutsegula m'mimba kwambiri, pilitsi likhoza kutuluka lisanagwire ntchito. Ndangodutsamo.

Mnzakeyo sindikumuda. Naye anachita kuuzidwa ndi wina, ndipo ankaona ngati akuthandiza. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti mtsikana amaopa kuuza telala kuti diresi lathina, ngati kuti walakwira nsalu. Komanso tinayamba liti? Agogo athu mkwatibwi wonenepa ankati akusamalidwa bwino.

Masiku awiri otsatira Tadala ndi mnzakeyo sanayankhulane. Tadala anangosiya zakumwa zotsekemera, n'kumayenda madzulo dzuwa likapepa. Nsima ya chambo sanaisiye.

Mnzake uja anandiuza ndimubwezere diresi lake la operekeza mkwatibwi, poti linayamba kukhwepa. Ndinabweza. Kutatsala masiku asanu makapisozi anamuthera, madzi anabwerera m'thupi, ndipo Lachisanu usiku anali pakhomo panga, diresi m'manja, kuti ndilikuzenso. Ndinamulipiritsa kawiri.