Fulashi yanu siinafe, vuto ndi dzina la fayilo

Ndatopa kuona anthu akufomata fulashi yabwinobwino, ena mpaka kukagula ina, chifukwa choti mafayilo akana kulowa. Nthawi zambiri fulashiyo ilibe mlandu. Mlandu uli pa dzina limene munaipatsa fayiloyo.

Sabata yatha mlongo wanga anabwera madzulo nkhope ili gwaa. Anajambula mawu a alimi pa kafukufuku wake wa kusukulu, mafayilo 64, onse ali pa laputopu ya Linux. Pokopera ku fulashi analowa 57 okha. “Achimwene, ndiye kuti ndi vayirasi?” Nditayang'ana otsalawo, woyamba dzina lake linali `Funso 3: mbewu zatha?.mp3`, ndipo kompyuta inangoyankha kuti `Invalid argument`. Asanu ndi awiri onsewo anali ndi `:` kapena `?` m'dzina.

Linux imakana zinthu ziwiri zokha m'dzina: `/` ndi kachizindikiro kosaoneka kotchedwa NUL. Zina zonse imalandira. Windows imakana zisanu ndi zinayi izi:

```
< > : " / \ | ? *
```

Sikuti ndi nkhanza chabe, chilichonse chinapatsidwa kale ntchito. `:` ndi amene amatchula diski, monga `C:`. `\` ndi `/` amalekanitsa foda ndi foda inzake. `?` ndi `*` amaimira zilembo zilizonse pofufuza, moti mukalemba `*.mp3` mukutanthauza mafayilo onse a mtundu umenewo. Ndiye kompyuta ikaona `?` m'dzina, ingadziwe bwanji ngati ndi dzina kapena mukufufuza?

Mwina mukuti, “Koma ine sindinakhudze Windows.” Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Mafulashi ambiri amabwera atafomatidwa pa FAT32 kapena exFAT, njira zosungira mafayilo, ndipo ziwiri zonsezi ndi za Microsoft, eni ake a Windows. Malamulo a mayina amayenda ndi fulashiyo, ngakhale mwaibaya pa Linux. Anzathu a Mac nawo asadzione ngati apulumuka: Finder, pulogalamu yoonera mafayilo pa Mac, imakulolani kulemba tsiku ngati `12/03/2024` m'dzina, koma pansi pake imasunga `:` m'malo mwa `/`, ndipo `:` ameneyo Windows samufuna.

Mafayilo okana aja tinawapeza onse ndi lamulo ili la Linux, titaima mu foda imene anali:

```
find . -name '*[<>:"\\|?*]*'
```

Tinasintha dzina lija kukhala `funso-03_mbewu-zatha.mp3`, enawo chimodzimodzi, ndipo onse analowa fulashi yomweyo.

Komabe chimene chimandiopsa ine si fayilo yokana. Yokana imakuwa, mumaiona. Choopsa ndi imene imasowa mwakachetechete. Titawerenga foda ina ya zolemba zake, pa laputopu panali mafayilo 12, pa fulashi 11, popanda uthenga uliwonse. Anali ndi `Lipoti.docx` ndi `lipoti.docx`. Kwa Linux amenewa ndi mafayilo awiri, chifukwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono imaziona zosiyana. Kwa fulashi ndi dzina limodzi. Lamulo lokopera mafayilo la `cp` linalemba yachiwiri pamwamba pa yoyamba osafunsa. Akanafufuta za pa laputopu poganiza kuti zonse zasamuka, imodzi mwa ziwirizo ikanapita osabwerera, ndipo imeneyo inali ya miyezi itatu ya thukuta lake. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa munthu amakhala wachita chinthu choyenera, kusunga kope, n'kuluzabe.

Pali tina timene timapha mwa apo ndi apo. Windows salola dzina lothera ndi kadontho kapena mpata. Salolanso mayina ena amene anasungidwira zipangizo kuyambira nthawi ya DOS, Windows isanabwere, monga `CON`, `PRN`, `AUX` ndi `NUL`. Ndipo mapulogalamu ambiri a Windows amagonja njira yonse, kuyambira `C:\` kudutsa mafoda mpaka dzina, ikafika zilembo 260.

Nanga Chichewa chathu? Kachizindikiro ka mu `ng'ombe` kapena `m'mudzi` n'kololedwa konse, musakaope. Kamangovuta polemba malamulo pamanja, pamene mufunika kutsekera dzinalo m'kati mwa `"` awiri. Koma `ŵ` wa mu Malaŵi ine ndimamupewa m'mayina a mafayilo, ngakhale ndimamukonda m'kalata. Akhoza kusungidwa ngati chilembo chimodzi, kapena ngati `w` ndi kachipewa kake padera. Ndi maso n'zofanana, koma Linux imaona mayina awiri osiyana.

Maganizo anga ndi akuti dzina la fayilo lisakhale chiganizo. Funso lanu lembani m'kati mwa fayilo. M'dzina ikani zilembo zazing'ono, manambala, `-` ndi `_` basi, tsiku ngati `2024-03-12`. Mlongo wangayo tsopano safufuta kanthu asanawerenge mafayilo mbali zonse ziwiri. Usiku uja, titasintha dzina la lipoti limodzi n'kukoperanso, tinawerenga kawiri: 64 uku, 64 uko, 12 uku, 12 uko.