"Mwamva?" si funso loyezera ana

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Dedza, ndilankhuleko za gawo lomwe timalibera nthawi tsiku ndi tsiku. Tonse, kaya tinaphunzira ku St Joseph's ku Bembeke kaya kwina, tikudziwa kuti phunziro limayamba ndi kubwereza zakale, kenako zatsopano, ana agwire ntchito, pomaliza tione ngati amvetsa. Pachikonzero zonsezi timalemba bwinobwino, a PEA akabwera sapeza chotidzudzula. Koma m'kalasi gawo lomalizali limangokhala "Mwamva?", ana onse "Eee!", belu nkulira. Ine ndimati funso lomalizali lizilembedwa loyamba, chifukwa ndi lomwe limakuuza zoti ubwereze ndi zoti uphunzitse.

Titenge kuchotsera kobwereka, phunziro la mphindi 35. Funso langa lomaliza ndi 52 − 28. Kuti mwana alikhoze ayenera kudziwa kuti 52 ndi makumi 4 ndi mamodzi 12, komanso kuti 12 − 8 ndi 4. Ndiye mphindi zisanu zoyamba ndibwereza zimenezo basi: kumasula mtolo wa timitengo khumi, ndi masamu apakamwa ngati 13 − 6, 12 − 8, 15 − 9. Kufunsa kuti "dzulo tinaphunzira chiyani?" nkutaya nthawi. Amayankha ana atatu omwe aja okhala kutsogolo, ndipo amangotchula mutu.

Zatsopano zisapitirire mphindi khumi. Ndilemba 43 − 16 pabolodi, ndigwira mitolo inayi ndi timitengo titatu, ndilankhula zomwe ndikuchita: 6 sangachoke pa 3, ndimasula mtolo umodzi, yatsala itatu, timitengo takhala 13. Ndidula 4 uja ndi choko, ndilemba 3 pamwamba pake ana akuona. Yankho 27. Samu yachiwiri tichitira limodzi, iwo akundiuza cholemba. Apa mpomwe ambiri timakomedwa, tipereka zitsanzo zisanu chifukwa ana akuyankha mokoma, osadziwa kuti tikudya nthawi yawo.

Ana akayamba kulemba okha, kwa mphindi 12 kapena kuposerapo pang'ono, kukhala patebulo kudikira mzere wa makope ayi. Yendani, muyambire kumbuyo. M'mawa wa Juni kuno zala zimachita kuuma ndi chisanu, ena amatha mphindi zitatu akungolemba deti, choncho masamu anayi akwana. Pakati pake ikanipo imodzi yosafuna kubwereka, monga 58 − 23, mugwire aja amene ayamba kubwereka paliponse.

Tsopano funso lija. Chifukwa chiyani 52 − 28, osati 52 − 27? Pa samu ngati iyi ana amalakwitsa mwanjira ziwiri. Wina amatembenuza, kuchotsa nambala yaing'ono pa yaikulu posayang'ana yomwe ili pamwamba. Wina amabwereka bwino koma amaiwala kuchepetsa makumi. Pa 52 − 27 wotembenuza achita 7 − 2 napeza 5, wobwereka moiwala achita 12 − 7 napezanso 5, ndipo onse awiri alemba 35. Inu muchonga kuti alakwa, koma simudziwa matenda a aliyense. Pa 52 − 28 amasiyana poyera. Wolemba 24 wakhoza. Wolemba 34 wamva zobwereka, akungofunika kumukumbutsa kudula 5 uja. Wolemba 36 sanamve nkomwe chifukwa chake timabwereka, ameneyo abwerere ku mitolo. Mankhwala awo ndi osiyana, ndipo zimenezi "Eee" sangakuuzeni.

Wina anena kuti ana ndi ochuluka, ndichonga bwanji onsewo? Simuchonga. Aliyense alembe yankho lalikulu kumapeto kwa kope, muwerenge mpaka katatu, akweze onse nthawi imodzi. Nthawi imodzi ndithu, apo ayi ochenjera amayamba asuzumira kwa mnzawo. Maso anu ayende mzere ndi mzere kufuna 34 ndi 36. Ena aonerabe, inde, ndipo samu imodzi siitsimikiza kuti mwana adzakumbukira sabata yamawa. Koma chithunzi cha kalasi mwachipeza m'mphindi ziwiri.

Kuyezaku kuchitike kutatsala mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, osati belu litalira, kuti pakhale mpata wochitapo kanthu. Ngati a 34 ndi ochepa, chitani samu imodzi pabolodi pompo, mukulitse mawu podula makumi. Ngati theka la kalasi lalemba 36, mawa musapite ku mahandiredi ngakhale sikimu ikutero. Apa ndikudziwa kuti ndisiyana ndi ahedi ena okonda kuona sikimu itatha, koma mwana wotembenuza pa manambala awiri adzatembenuzanso pa atatu. Mawa lake mphindi zobwereza zikhale khumi, mitolo ili m'manja mwa ana, samu yoyamba 52 − 28 yomweyo.