Chenjezo kwa atsogoleri a mabungwe: kukhala bungwe lachifundo sikukuchotserani udindo wa malipoti ndi msonkho

Loweruka lapitali ndinaitanidwa ku msonkhano wa bodi ya bungwe lina losamalira ana amasiye kuno ku Mzuzu, ndipo zimene ndinamva kumeneko zandisowetsa tulo. Mtsikana wosunga mabuku a ndalama anabwera ndi pepala limodzi lokha, mndandanda wa zinthu zoyenera kuchitidwa chaka chisanathe, ndipo anayamba kuwerenga mwaulemu. Asanafike pa mzere wachitatu, a wapampando anamudula pakamwa nati, "Mwana wanga, ife ndife bungwe lachifundo, za msonkho sizitikhudza." Akuluakulu asanu ndi awiri, ena mwa iwo opuma pa ntchito za boma, anagwedeza mitu kuvomereza, kenaka anayamba kukambirana za alawansi ya msonkhanowo. Ine ndinatenga pepala lija n'kuliwerenga ndekha, ndipo munalibe bodza ngakhale limodzi.

Mzere woyamba unali wa malipoti a pachaka. Lamulo la mabungwe omwe si aboma, lomwe linakonzedwanso mu 2022 pamene bodi yakale yoyang'anira mabungwewa inasanduka NGORA, likufuna kuti bungwe lililonse lolembetsedwa lipereke chaka ndi chaka lipoti la ntchito zake, lipoti la ndalama lofufuzidwa ndi oditala, fomu ya pachaka yonena za bungwelo, komanso kumene ndalama zake zinachokera. Nthawi yake ndi miyezi 6 chaka cha ndalama chikatha. Bungwe la ana amasiyeli limatseka mabuku pa 31 Disembala, kutanthauza kuti pofika pa 30 Juni zonse ziyenera kukhala zitaperekedwa. Kodi mukuganiza kuti oditala adzamaliza ntchito m'sabata imodzi, inu mutamupatsa malisiti m'katoni ya sopo pakati pa Juni, m'nyengo imene mabungwe ndi makampani onse akumukanganirana? Ndipo ndikanena oditala ndikunena munthu wa chilolezo chochitira ntchitoyo, amene mungamutsimikizire ku ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, osati mlamu wa a msungichuma amene anaphunzirako za maakaunti zaka zapitazo.

A mlembi anayankha kuti lipoti anatumiza kale kwa azungu amene amawathandiza. Limenelo ndi lipoti la pulojekiti imodzi, lolembedwa m'njira imene wopereka thandizo anafuna, ndipo limangonena za ndalama zake zokha. Nanga zopereka za mipingo, nanga za chigayo, nanga za holo, zinalembedwa kuti? Wina anati malisiti a CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma, alipo. Kulipira umembala kumeneko si kupereka malipoti ku NGORA, ndipo kupereka ku NGORA si kumaliza ndi MRA, bungwe lotolera msonkho. Awa ndi maofesi osiyana, aliyense ali ndi mafomu ake ndi masiku ake, ndipo sadzatengerana mapepala anu chifukwa chokumverani chisoni.

Pamene ndinapsa mtima kwenikweni ndi pa nkhani ya holo. Bungweli linamangiridwa holo kuti ana azidyeramo ndi kuphunziriramo, koma nthawi zambiri Loweruka mumakhala ukwati kapena chinkhoswe cha anthu ochokera ku Chibavi, ku Katoto mpaka ku Luwinga. Mtsikana uja anandiuza kuti amalipitsa K150,000 pa tsiku, ndipo chaka chathachi holoyo inabwerekedwa ka 30. Imeneyo ndi K4,500,000, ndipo palibe bukhu lililonse limene likuionetsa payokha, chifukwa ina inalowa mu akaunti ya zopereka, ina inagula mafuta a galimoto isanafike n'komwe ku banki. Lamulo la msonkho limakhululukira ndalama za mabungwe a chipembedzo, a chifundo ndi a maphunziro amene amatumikira anthu onse, koma chikhululukiro chimenecho chili ndi malire ake, ndipo phindu lochokera ku malonda silibisala pansi pake chifukwa choti mwini malondayo ndi wachifundo. Kubwereketsa holo ndi malonda. Kugayitsa chimanga kwa aliyense wodutsa ndi malonda. Mukasakaniza ndalama zimenezi ndi zopereka, tsiku limene wofufuza wa msonkho adzafunse, mudzamuonetsa bwanji kuti iyi ndi mphatso ndipo iyi ndi ya ukwati? Mudzachotsera bwanji magetsi, madzi ndi malipiro a mlonda pamene simunasunge lisiti ngakhale limodzi la holoyo?

Ndinafunsanso kuti kalata ya MRA yonena za chikhululukirocho ili kuti. Anandionetsa satifiketi yolembetsera bungwe, yoikidwa bwino m'galasi pakhoma. Akuluakulu, satifiketi imeneyo ikungonena kuti bungwe lanu lilipo. Chikhululukiro cha msonkho chimaonedwa pa zolinga zolembedwa m'malamulo a bungwe ndi pa mmene ndalama zikugwirira ntchito, ndipo wanzeru amalembera MRA n'kusunga yankho lake m'fayilo. Kodi bungwe limene galimoto yake imakhala ku munda wa a wapampando masiku atatu pa sabata, limene limabwereketsa matrasti ndalama popanda chikalata, lingaime n'kunena kuti chuma chake chimatumikira anthu onse?

Ndiye pali msonkho umene si wanu, umene inu mumangotolerera boma. Apa ndi pamene ambiri amagwa chagada, chifukwa ngakhale bungwe lokhululukidwa kotheratu limakhalabe wolemba anthu ntchito. PAYE, msonkho wa pa malipiro a antchito anu, iyenera kudulidwa mwezi uliwonse ndi kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira. Msonkho wodula polipira lendi ya ofesi, kapena polipira katswiri amene mwamuitana kudzaphunzitsa, ulinso ndi tsiku lomwelo. Bungwe ili lakhala likupatsa mwini nyumba ndalama yonse yathunthu kwa zaka zitatu chifukwa, ati, ndi mkulu wa mpingo ndipo kumudula n'kupanda ulemu. Amene walephera kudula ndiye amalipira msonkhowo, pamodzi ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja. Mudzaitenga kuti ndalama imeneyo? Wopereka thandizo sadzavomera kuti ndalama ya phala la ana ilipire chindapusa cha ulesi wanu. Za penshoni ndingodutsapo: wantchito wa K400,000 pa mwezi ayenera kusungiridwa K40,000 yochokera kwa bungwe ndi K20,000 yodulidwa kwa iye, ndipo pa mzere umenewu mtsikana uja anali atalemba kuti miyezi isanu sinatumizidwe.

Chinanso chimene ndinaona n'chakuti pa mndandanda wa matrasti pali mayina a anthu awiri amene tinawaika m'manda kalekale, ndipo palibe amene anadziwitsa ofesi ya kalembera za kusinthaku. Fomu ya pachaka imafunsa amene akuyendetsa bungwe lero. Mudzalemba akufa, kapena mudzalemba amoyo amene kulibe chikalata chowaika pa udindo?

Musadzanamizire mtsikana wa mabuku zinthu zikadzavuta, chifukwa amene amasayina malipoti ndi kuyankha mlandu ndinu a bodi. Layisensi ya ku NGORA ikadzakanidwa, wopereka thandizo akadzapempha umboni woti muli bwino ndi MRA inu n'kusowa chopereka, ana aja ndi amene adzagone ndi njala, inu muli kunyumba ndi penshoni zanu. Pepala lija ndinalisiya pa tebulo la a wapampando. Munali ndi nthawi yowerengera alawansi kawiri konse, choncho musandiuze kuti mulibe nthawi yowerenga tsamba limodzi.