Lendi amaiwerenga bwino, chitseko sachiona

Inu a kwathu ku Lizulu, amene mukaona munthu akutsika basi ndi zikwama zamizeremizere mumati ku Joni ndalama amachita kutola, imvani izi. Tikukhala kuseri kwa nyumba ya munthu ku Turffontein, zipinda zisanu zondondozana, ndipo tonse ndife a chigawo chimodzi: ena a ku Tsangano, ena a kwa Njolomole, m'modzi wa ku Dedza. Chipinda chilichonse ndi R1,800 pamwezi, magetsi ogula tokha. Tsiku loyamba la mwezi likangokwana, a landilodi amakhala atafika pageti tambala asanalire. Koma mbava zitathyola chipinda changa, foni yawo inasanduka yongolira yokha.

Zinatenga katundu amene ndinkaunjika kuti transipota adzanyamule mu Disembala: makina osokera a mayi a kunyumba, wailesi yakanema, mabulangete, ndi foni yomwe inali pachaja. Anyamata aja sanavutike n'komwe. Loko sanamugwire. Analowetsa chitsulo pakati pa chitseko ndi felemu, n'kukanula, thabwa la felemu n'kung'ambika pomwe pamalowa lilime la loko. Mpaka pano lokoyo ndi wokiya bwinobwino, lilime lili panja, likuloza mphepo. Chitsekocho ndi chija choikidwa m'zipinda zam'kati, timatabwa tiwiri topyapyala, pakati pali katoni. Ukachigogoda chimalira ngati ng'oma. Ndicho anatiikira panja, pamvula, kuti chiziteteza katundu wa munthu.

Anzanga apabwalo anati ndiwaimbire a landilodi ndiwalalatire, ena anati ndingosiya kulipira lendi. Zonsezo n'zokoma m'kamwa koma kuno zimakubwerera. Ukasiya lendi, wolakwa umakhala iwe, ndipo wawapatsa chifukwa chokuchotsera. Ukangolalata pafoni, tsiku lotuluka m'nyumba adzakuuza kuti chitseko unathyola wekha utataya kiyi, n'kudula dipoziti yako. Ndiye ndinayamba ndajambula zithunzi ndisanakhudze kanthu, kenako kupolisi kukatsegula mlandu, nambala ya mlanduwo, yomwe amati CAS, n'kubwera pa meseji. Pokhapo m'pamene ndinawalembera pa WhatsApp, pomwe mawu amatsala ndi tsiku lake. Ndinalemba m'Chingerezi chakuntchito, koma zinali izi:

“Bambo, ndine wa m'chipinda chachitatu kuseri. Lachinayi ndinakiya chitseko cha m'ma 6 koloko madzulo kupita kuntchito yausiku, ndipo nditabwera 5 koloko m'mawa ndinapeza chathyoledwa. Akuba analowera kumpanda wakumbuyo, pomwe panagwa masilabu awiri, amene tinakuuzani mwezi wathawu. Anakanula chitseko ndi chitsulo, felemu yang'ambika pa loko. Getsi lapabwalo silinkayaka, monga lakhalira kuyambira pomwe linapsa. Atenga makina osokera, wailesi yakanema, mabulangete ndi foni. Ndakanena kupolisi, nambala ya mlandu ndi zithunzi ndi izi. Ndikupempha kuti felemu ndi chitseko zikonzedwe pofika Lolemba, chifukwa pano chipinda sichikutsekeka. Chitseko chikhale cha thabwa lolimba, loko wake wolimba, wokhala ndi maliva, tizitsulo ta m'kati mwa loko, anayi kapena asanu. Ndikupemphanso geti yachitsulo pakhomo, getsi loyaka lokha munthu akadutsa, ndi kuti masilabu a mpanda abwezeretsedwe. Ngati geti simungaike, ndiloleni polemba kuti ndiike ndekha, ndipo tigwirizane ngati ndalamayo idzachotsedwe pa lendi. Chonde ndiyankheni pompano.”

Mwaona kuti sindinawauze kuti andilipire makina a mayi a kunyumba. Mtima unkafuna, koma inshuwalansi ya mwini nyumba, ngati ali nayo, imaona za nyumbayo, osati katundu wa wochita lendi. Ukayamba ndi zoti akubwezere katundu, nkhani yonse imathera pamenepo, mumakangana za makina mpaka chitseko kuiwalika.

Mwaonanso kuti zopempha zija ndinaziika pawiri, ndipo ndinachita dala. Chitseko chothyoka, mpanda wogumuka ndi getsi lakufa ndi zinthu zomwe zinalipo n'kuwonongeka, ndipo kukonza zimenezo ndi udindo wa mwini nyumba, chifukwa amayenera kusunga malo ake ali oti munthu n'kukhalamo. Pamenepo ndimalankhula molimba, ndi tsiku lomwe. Koma geti yachitsulo ndi getsi la sensa n'zatsopano, sizinalipo pomwe ndinkalowa, ndipo ngati sizinalembedwe m'pangano la lendi, kumukakamiza n'kovuta. Pamenepo umapempha, n'kupereka njira. Ukaziphatikiza zonse m'mpukutu umodzi, amakana zonse ndi mawu amodzi akuti alibe ndalama.

Za chilolezo cholemba zija musazione ngati ulemu chabe. Mnyamata wa ku Dedza wa chipinda chakumapeto anawotcheretsa geti yake osafunsa. Lero akufuna kusamuka, akuuzidwa kuti getiyo ndi ya nyumba tsopano, ndipo akaizula alipira khoma.

Yankho linabwera mawa lake, lalifupi: kuno ndi ku Joni, aliyense amaberedwa, ngati sindikukondwa pali anthu ambiri ofuna chipinda. Kenako anatumiza mnyamata ndi loko wopachika ndi kachitsulo kake, n'kukamanga ndi timasikuluwu tinayi pa felemu yong'ambika yomweyo, mitu yake ili kunja, yoti mwana wa sukulu n'kumasula ndi mpeni. Ichi n'chimene chimandiwawa kuposa kubedwako. Munthu akutolera R9,000 mwezi uliwonse pazipinda zisanu, koma thabwa limodzi lamukanika. Amadziwa kuti ambiri mwa ife mapepala ndi osalongosoka, ndiye amayesa kuti tonse tikamva mawu oti ofesi timathawira kuchimbudzi.

Ndinawayankha mawu ochepa, kuti lendi ndilipira yonse pa tsiku lake monga mwa nthawi zonse, andipatse lisiti, koma Lolemba likadutsa chitseko chili chomwecho ndikadandaula ku Rental Housing Tribunal. Limeneli ndi bwalo la nkhani za lendi lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, lili m'chigawo chilichonse, kudandaula kwake n'kwaulere, ndipo chigamulo chake chimalemera ngati cha khoti la majisitireti. Zoti pali ena ofuna chipinda sizinandiopse, chifukwa kuno mwini nyumba sangakutulutse kapena kukusinthira loko popanda chilolezo cha khoti. Anzanga anayi aja nawonso anatumiza uthenga wawo aliyense, wonena za mpanda ndi getsi, chifukwa bowo lomwe analowera ndi la tonse.

Loweruka kalipentala anabwera. Felemu yasinthidwa, chitseko chathabwa chalowa, ngakhale loko abwezeretsa wakale yemwe uja wa maliva awiri, amene kiyi wake amagulitsidwa m'sitolo iliyonse ya zitsulo ukangotchula nambala. Wanga ndagula ndekha. Getsi aika babu wamba, loti magetsi akazima nalonso lagona, ndiye tasonkherana pabwalo kugula la sola. Za geti andilola polemba, koma ndalama zanga. Mpanda akuti tidikire mwezi wamawa, ndipo pabowopo tatsekapo ndi lata lakale.

Mayi a kunyumba ndawauza kuti makina asawayembekezere chaka chino, ayambe abwereka a achemwali awo ku Mlangeni. Katundu wina ndikagula sadzagonanso m'chipinda muno kudikira Disembala, azipita kwa transipota sabata yomweyo, ngakhale mtengo wotumizira ukwere.