Ndalama ya msewu ikulowera kuti?

Tayala lachitatu chaka chino laphulikira m'dzenje, ine ndatopa! Pa lita iliyonse ya petulo amatidula ndalama yokonzera misewu. Pa tologeti tilipirenso. Nanga phulalo lili kuti?

Za msonkho wa pamalipiro ndimamvetsa: umagwera mumphika umodzi wa boma, aphungu n'kugawa mu bajeti, ina mankhwala, ina choko. Msewu ukamanidwa kumeneko, wamanidwa poyera. Koma ya pa petulo ija inalembedwa dzina, akuti ili ndi thumba lakelake kuti wina asaigwire. Thumbalo ndi lobooka kodi? Kapena ogawa bajeti anati msewu uli kale ndi zake, n'kuudumpha?

Dzenje lija akulikwirira ndi dothi anyamata awiri. Nawonso ndawaponyera kangachepe, msonkho wachitatu. Koma awa okha ndiye ntchito yawo ndaiona ndi maso.